Gulu lomwe linapeza 23.05 anzawo atalemba 25.0

Ndimaphunzitsa Kemisitili pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mchinji. Tilibe munthu wothandiza mu labu, choncho kusungunula mankhwala, kutsuka ziwiya ndi kuchonga malipoti zonse zimagwa pa ine. Nkhaniyi inachitika mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndi kalasi ya Fomu 3 ya ana 54. Mabyureti abwino tili nawo asanu ndi limodzi, ndiye ana ndinawagawa m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse ana 9. Mankhwala timasunga m'kachipinda ka kuseri kwa labu, komwe nthawi ya dzinja kamanunkha chinyontho.

Pulakitiko yake inali taitireshoni ya masiku onse ija: kupeza mphamvu ya sodiyamu hayidirokisaidi, NaOH, poithira asidi wa HCl yemwe mphamvu yake tikuidziwa, 0.100 mol/dm³. Asidi amakhala mu byureti ya 50 cm³. NaOH timaitunga ndi pipeti ya 25.0 cm³ n'kuithira mu fulasiki, kenako timadonthezamo madontho awiri kapena atatu a indiketa yotchedwa fenofutalini, madzi aja n'kusanduka a pinki. Asidi amalowa pang'onopang'ono uku mukuzunguza fulasiki, mpaka dontho limodzi litachotsa pinki yense. Dzulo lake ndinayeza 12.0 g ya timibulu ta NaOH n'kusungunula m'madzi otcheza mpaka kukwana malita atatu. Pamenepo ndiye kuti 4.0 g pa lita, ndipo popeza molo imodzi ya NaOH imalemera 40 g, ndinkayembekezera 0.100 mol/dm³, komanso kuti asidi wolowa akhala 25.0 cm³ kapena pafupi pamenepo. Sindinayese ndekha zomwe ndinakonzazo, chifukwa kunali kutada ndipo magetsi anali atathima. Pachigubu ndinamata kapepala kolembedwa "0.1 M NaOH" kuti ndisasokoneze ndi zigubu zina, ndipo m'mawa ndinachiika patebulo la kutsogolo kapepala kaja kali pomwepo.

Chizindikiro choyamba

Malipoti anabwera Lolemba. Aliyense amalemba lake, koma manambala amakhala a gulu. Magulu anayi anali ndi 25.0, 25.0, 25.0, kapena 24.9 ndi 25.1 apo ndi apo. Gulu lachisanu linali ndi manambala omwazikana, 24.30, 23.40 ndi 25.60. Lachisanu ndi chimodzi linapeza avereji ya 23.05. Ndinachonga mofulumira monga timachitira tonse pakakhala mulu wa makope: a 25.0 ndinawapatsa malikisi ambiri, ndipo lipoti la mtsikana yemwe ankatsogolera gulu lomalizali ndinalipatsa 11 pa 20, n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti yankho latalikira, aonenso kawerengedwe ka byureti.

Lachitatu, nthawi yopumira, anandipeza kope lili m'manja. "Aphunzitsi, pepani, ndimafuna mundionetse pamene tinalakwitsa. Tinabwereza kanayi ndipo zimangobwera zomwezo." Ndinamuuza kuti asiye kopelo ndilionenso. Kunena zoona, madzulo amenewo ndi pamene ndinaliwerenga lipotilo koyamba. Poyamba paja ndinangoyang'ana nambala yomaliza.

Zomwe zinali mu lipotilo

Ana amalemba m'Chingerezi, pano ndikungofotokoza zomwe zinalimo. Cholinga anachilemba m'chiganizo chimodzi chotchula chomwe akufuna kupeza, chomwe akuyezera, ndi indiketa yake. Pa zipangizo sanangoti byureti ndi pipeti. Anatchula kukula kwake, anatchula kampira kokokera madzi mu pipeti, fanulo, ndi pepala loyera lomwe anaika pansi pa fulasiki popeza mathailosi oyera tilibe. Pa njira anafotokoza zomwe anachitadi, osati zomwe zinali pabolodi: byureti anaitsukuluza ndi asidi yemweyo, pipeti ndi NaOH yomweyo, fulasiki ndi madzi otcheza okha. Analembanso kuti anatsegula kampopi kuti kunsonga kwa byureti kudzaze asanawerenge, ndi kuti fanulo anaichotsa.

Tebulo lake la zotsatira linali ndi poyambira ndi pothera pa ulendo uliwonse. Ulendo woyeserera anayambira pa 0.00 n'kuthera pa 23.60. Woyamba weniweni anayambira pa 0.50 n'kuthera pa 23.60, ndiye kuti 23.10. Wachiwiri anapitiriza osadzazanso, kuchoka pa 23.60 kufika pa 46.60, ndiye 23.00. Wachitatu, kuchoka pa 1.20 kufika pa 24.25, ndiye 23.05. Woyeserera uja sanauphatikize pa avereji, ndipo ananena chifukwa chake: paulendo umenewo asidi amathiridwa mothamanga pongofuna kudziwa dera lomwe mtundu usinthire. Atatu enawo anali ogwirizana, osasiyana kuposa 0.10 cm³. Masamu ake anali awa:

NaOH + HCl → NaCl + H₂O

mamolo a HCl = 0.100 × 23.05 ÷ 1000 = 0.002305

mphamvu ya NaOH = 0.002305 × 1000 ÷ 25.0 = 0.0922 mol/dm³

Pansi pa tebulo panali kachiganizo komwe ndinakalumpha tsiku loyamba. Analemba kuti pinki sanathe mwadzidzidzi monga ndinawauzira, koma kumapeto ankazilala pang'onopang'ono kwa madontho angapo. Pa gawo lokambirana zotsatira ananena mosabisa kuti pachigubu panalembedwa 0.1 koma iwo apeza 0.0922, ndipo sakudziwa chifukwa chake. Gawo la magwero a zolakwika lokha ndi lomwe linali lofooka ngati la anzake onse: "kulakwitsa kwa munthu", "kuwerenga molakwika", "zipangizo zakale". Mawu oterewa munthu angawalembe asanalowe n'komwe mu labu.

Kufufuza

Ndinayamba ndi funso lomwe ndikanayenera kudzifunsa Lolemba lija: ngati analakwitsa, cholakwacho chikanakankhira nambala mbali iti? Yawo inatsika ndi pafupifupi 2 cm³. Tsono zolakwa zomwe ana amachita kawirikawiri zimakweza nambala. Byureti ikatsukulidwa ndi madzi okha, asidi amasukuluka, ndiye pamafunika wambiri. Kathovu ka mpweya kakatsala kunsonga n'kudzatuluka pakati pa ntchito, byureti imaonetsa ngati mwathira wambiri pamene gawo lina linali mpweya. Kupitirira posinthira mtundu, komwe ndi kosavuta pochoka ku pinki kupita ku madzi oyera, nakonso kumakweza. Kuuzira kadontho kotsalira kunsonga kwa pipeti kumaonjezera NaOH, nambala n'kukweranso pang'ono.

Zotsitsa nambala zilipo, koma palibe chomwe chinagwirizana ndi tebulo lawo. Pipeti yonyowa ndi madzi imasukulutsa NaOH, koma paulendo woyamba wokha, chifukwa pofika wachiwiri imakhala itatsukika ndi NaOH yomweyo. Fanulo yosiyidwa pamwamba pa byureti imadontheza asidi mkati n'kuchepetsa nambala yothera, koma dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 cm³, ndiye kuti pakanafunika madontho 40, ofanana ulendo uliwonse. Zimenezo sizichitika. Madzi otsalira mu fulasiki, omwe ana ambiri amawaopa, alibe vuto ngati ali otcheza, popeza sasintha mamolo a NaOH omwe pipeti yathiramo.

Kenako ndinawerengera malire a zipangizo zenizenizo. Byureti timaiwerenga mpaka 0.05 cm³, ndipo timawerenga kawiri, poyambira ndi pothera, ndiye kukaika kwake ndi 0.10 pa 23.05, pafupifupi 0.4 peresenti. Pipeti zathu zinadindidwa pagalasi kuti ±0.06 cm³, zomwe pa 25.0 ndi 0.2 peresenti ndi kanthu. Kuphatikiza zonse, sizifika ngakhale 1 peresenti. Kusiyana kwa 0.0922 ndi 0.100 ndi 7.8 peresenti. Pofika apa zinali zoonekeratu kuti vuto silinali m'manja mwa ana kapena m'magalasi. Linali m'chigubu chimodzi mwa ziwiri, cha asidi kapena cha NaOH, ndipo zonse ndinakonza ndine.

Lachinayi masana ndinachita taitireshoniyo ndekha, ndi byureti ina komanso pipeti ina. Ndinapeza 23.10, kawiri. Ndinaonanso kuzilala kwa pinki komwe mtsikana uja analemba.

Panatsala kudziwa ngati asidi ndiye anali wamphamvu kuposa 0.100, kapena NaOH ndiyo inali yofooka, chifukwa zonse ziwiri zimatsitsa nambala mofanana. Asidi ndinamuyeza ndi sodiyamu kaboneti wouma, Na₂CO₃, yemwe amadalirika popeza akaumitsidwa bwino kulemera kwake kumakhala kwake kwenikweni. Ndinamuwotcha pang'ono m'kambale kuti chinyezi chichoke, n'kumusiya azizire chovundikira, ndipo ndinayeza 1.33 g n'kusungunula mpaka 250 cm³, zomwe zimapereka 0.0502 mol/dm³. Molo imodzi ya kaboneti imadya mamolo awiri a HCl, choncho 25.0 cm³ yake imafuna 25.10 cm³ ya asidi wa 0.100 indiketa ikakhala mithailo orenji. Ndinapeza 25.10 ndi 25.05. Asidi analibe mlandu.

Nditapita m'kachipinda kaja ndinatenga botolo la NaOH n'kutuluka nalo panja powala. Chivundikiro chinali ndi mng'alu kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Timibulu ta pamwamba tinali titamatana ngati shuga wonyowa, tonyezimira, ndipo m'khosi mwa botolo munali nkhanambo zoyera. Usiku uja ndinkayeza ndi tochi ya foni, ndipo ndinkatapa pamwamba pomwepo. NaOH imayamwa chinyezi cha mumpweya mpaka kufika posungunuka yokha, komanso imagwira mpweya wa CO₂ n'kusanduka kaboneti:

2NaOH + CO₂ → Na₂CO₃ + H₂O

Ndiye kuti 12.0 g yomwe sikelo inaonetsa sinali NaOH yokhayokha.

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi pomwe pali chinthu chomwe anzanga ambiri okonza mankhwala angachigwiritse ntchito ndi zomwe ali nazo kale pashelefu. Kaboneti amalandira asidi m'masitepe awiri. Sitepe yoyamba amasanduka NaHCO₃, yachiwiri amasanduka madzi ndi CO₂. Fenofutalini amataya mtundu pa pH yoyandikira 8, pamene sitepe yoyamba yokha ndiyo yatha, ndipo pH imatsika mozengereza pamalo amenewo. N'chifukwa chake pinki ankazilala m'malo mozimiririka kamodzi. Mithailo orenji amasintha pa pH yoyandikira 4, masitepe onse awiri atatha. Choncho mukayeza madzi omwewo ndi ma indiketa onse awiri, kusiyana kwa manambala kumakuuzani kuchuluka kwa kaboneti. Ndi mithailo orenji ndinapeza 23.60, pamene ndi fenofutalini ndinapeza 23.10. Kusiyana kwa 0.50 cm³ ndiye sitepe yachiwiri ya kaboneti, ndipo yoyamba inadyanso 0.50 yomweyo mkati mwa 23.10 muja. NaOH yeniyeni inadya 22.60 cm³ yokha, yomwe ndi 0.0904 mol/dm³, ndipo kaboneti anali 0.0020 mol/dm³. Pa 4.00 g iliyonse yomwe ndinayeza, pafupifupi 3.62 g inali NaOH, 0.21 g kaboneti, ndipo 0.17 g yotsalayo madzi. Manambalawa musawaone ngati olondola mpaka kumapeto, chifukwa 0.50 ndi kusiyana kwa miyezo iwiri yomwe uliwonse uli ndi kukaika kwa 0.10, koma chithunzi chake n'chomveka.

Nanga anayi aja a 25.0?

Nditabwerera ku makope awo ndi maso ena, zizindikiro zinali mbee. Palibe gulu lomwe linali ndi ulendo woyeserera. Onse ankayambira pa 0.0 ulendo uliwonse, pamene aliyense amene anadzazapo byureti akudziwa kuti kuimitsa asidi pa ziro yeniyeni katatu kotsatizana n'kotayitsa nthawi ndipo ana sachita. Manambala anali ndi desimo imodzi. Palibe amene analemba chilichonse chokhudza momwe mtundu unasinthira. Kuseri kwa kope la mnyamata wina ndinapeza 23.3 ndi 23.1 zolembedwa ndi pensulo, zofufutidwa mosamaliza.

Ndinamuitana payekha. Poyamba anangoti zii, kuyang'ana pansi. Kenako anati, "Sala, tinaona pachigubu kuti 0.1, ndiye titawerengera tinaona kuti ikuyenera kukhala 25. Titapeza 23 tinkaona ngati talephera, ndiye tinakonza." Magulu enawo anatengera kwa iwowa. Gulu lachisanu, la manambala omwazikana lija, linalemba zomwe linaonadi. Atafotokoza zinapezeka kuti ankasinthana munthu pa kampopi ulendo uliwonse kuti aliyense agwireko, wina ankawerenga ali chiimire byureti ili pamwamba pa maso ake, ndipo ulendo wina asidi anathiridwa mopitirira kwambiri.

Zomwe ndinasankha kuchita

Tinakambirana ndi mkulu wa dipatimenti ya sayansi. Iwo poyamba ankafuna kuti magulu anayiwo apatsidwe ziro ndi chilango. Ine ndinapempha kuti tifafanize malikisi a pulakitiko yonseyo kwa aliyense n'kuibwereza, ndipo chifukwa changa chinali chakuti kapepala kaja ndinamata ndine, komanso kachongedwe kanga kanali katawaonetsa kale kuti nambala "yolondola" ndiyo imagula malikisi. Mwana wolemba zoona ndinamupatsa 11, opeka ndinawapatsa 17 ndi 18. Kuwalanga okha kukanangowaphunzitsa kupeka mochenjera, kumaika 24.85 m'malo mwa 25.0. Anavomera, koma anati ana auzidwe poyera kuti chomwe anachitacho ndi chinyengo, ndipo ndinawauzadi.

M'kalasi ndinabwera ndi botolo lija n'kuliyendetsa kuti aliyense aone mng'alu ndi timibulu tomatana, osakhudza, popeza NaOH imawotcha khungu. Ndinavomera pamaso pawo kuti sindinayese zomwe ndinakonza. Tebulo la gulu la 23.05 ndinalikopera pabolodi momwe linalili, ndipo tinadutsa cholakwa chilichonse chimodzichimodzi, ana akunena ngati chimakweza nambala, chimatsitsa, kapena sichisintha kanthu. Pa madzi otsalira mu fulasiki tinatsutsana kwa mphindi khumi, mpaka ndinathira madzi otcheza theka la bika mu fulasiki ina n'kuchita taitireshoni iwo akuona. Inabwera 23.10.

Kachongedwe ndinakasinthanso. Pa malikisi 20, kuyandikira kwa yankho ku nambala yanga kumatenga atatu okha tsopano, ndipo nambala yangayo ndi yomwe ndapeza ndi byureti m'mawa wa tsiku lomwelo, osati yowerengera papepala. Tebulo lathunthu lokhala ndi poyambira, pothera, madesimo awiri ndi ulendo woyeserera limatenga asanu. Pa magwero a zolakwika, chilichonse chomwe mwana watchula chimayenera kuyankha mafunso atatu: chinachitikadi kapena chikanatheka pa gulu lawo, chikanakankhira yankho mbali iti, ndipo ndi chachikulu bwanji poyerekeza ndi kusiyana komwe apeza. Ndinawasiyanitsiranso mitundu iwiri ya zolakwa ndi zitsanzo zawo zomwe. Za gulu lachisanu zimamwaza manambala uku ndi uku, ndipo kubwereza mosamala kumazichepetsa. Za chigubu changa zimasunthira manambala onse mbali imodzi, ndipo mungabwereze kakhumi, adzagwirizana bwinobwino ali olakwika chimodzimodzi poyerekeza ndi zomwe zalembedwa pakapepala.

Zomwe zinatsatira

Patatha masabata awiri tinabwereza. NaOH yotsala ija sindinaitaye. Ndinatenga 1200 cm³ n'kuonjezera 300 cm³ ya madzi otcheza kuti pasakhale wodziwa yankho, ndipo pachigubu ndinangolemba B. M'mawa ndinapeza 18.45 cm³, yomwe ndi 0.0738 mol/dm³. Ndinalamula kuti manambala alembedwe ndi inki mu tebulo nthawi yomweyo, ine n'kusaina asanatuluke mu labu, komanso kuti munthu mmodzi akhale pa kampopi maulendo onse a gulu, ena n'kudzagwira pa pulakitiko yotsatira. Ndi ana 9 pa byureti imodzi njira imeneyi siikondweretsa onse, ndipo vuto loti ena amafika pa pulakitiko ya MSCE atagwira kampopi kawiri kapena katatu kokha likadalipo.

Magulu asanu anapeza maavereji a pakati pa 18.40 ndi 18.60. Gulu la mnyamata wa pensulo uja linapeza 18.90 poyeserera, kenako 19.40, 18.55 ndi 18.50. Nambala ya 19.40 anaisiya mu tebulo, anaizunguliza, ndipo analemba kuti atadzazanso byureti kathovu kanatsala pansi pa kampopi ndipo anakaona kakutuluka, choncho sanaiphatikize pa avereji. Mtsikana uja anapeza 18.45. Pa magwero a zolakwika analemba kuti yankho lake la 0.0738 likhoza kukhala lokwera pang'ono kuposa NaOH yeniyeni, popeza gawo lina la asidi linadyedwa ndi kaboneti, ndipo anapempha mithailo orenji kuti aone kukula kwake. Tsiku limenelo nthawi inatha, ndiye anadzayesa Lachisanu ataweruka. Anapeza 18.85, kusiyana kwa 0.40.

Timibulu totsala ndinatisamutsira m'botolo la pulasitiki lotseka bwino, ta pamwamba tomatana tija nditatichotsa, ndipo pa botolopo ndinalemba tsiku lomwe ndinatsegula. Botolo la mng'alu ndinalitsuka n'kuliika pashelefu ya mu labu, ndipo ndimalitulutsa Fomu 3 yatsopano ikafika pa mutu umenewu.